Shoti ya pa fida imodzi ikuzimitsa esiteti yonse: kodi rile ya inkama yawonongeka?

"Ndine wamagetsi pa esiteti ina kuno ku Mtunthama, ku Kasungu. Tili ndi thiransifoma yathu ya 5 MVA, 33/11 kV, Dyn11. Kuchokera pa inkama pali mafida atatu: ya kumashedi a fodya, ya mapampu a kudamu ndi ya nyumba za antchito. Dzinja lino nthambi ikagwera pa laini ya kudamu, buleka ya fidayo imatsegula, koma nthawi zambiri ya inkama nayo imatsegula, esiteti yonse bii. Marile ndi amakono, onse ali pa SI ndi TMS 0.1. Fida ili ndi CT 200/1 ndi I> 150 A, inkama CT 400/1 ndi I> 320 A. Abwana akuti tigule rile ina. Kodi yawonongekadi?"

Achimwene, auzeni abwana ndalama zawozo asunge kaye. Manambala mwanditumizirawa akundiuza kuti marile anu ali bwinobwino ndipo akuchita ndendende zimene anauzidwa. Mukagula ina n'kuikamo manambala omwewa, nayonso idzakuzimitsirani esiteti mvula yoyamba yomwe.

Karenti ya shoti ya pa laini ya kudamu imachokera ku thiransifoma, imadutsa mu CT ya inkama, kachipangizo kamene kamauza rile kukula kwa karenti, imalowa pa basiba, chitsulo chimene mafida onse amachokerapo, kenaka imadutsa mu CT ya fida. Choncho marile onse awiri amaiona nthawi imodzi, ndipo onse amayamba kuwerenga nthawi limodzi. Rile ya inkama sidziwa kuti shoti ili pa fida iti, kapena ngati ili pa basiba penipeni. Imangoona karenti yochuluka. Chimene chimaichititsa kuti isatsegule buleka yake n'chakuti inapatsidwa nthawi yaitali kuposa ya fida, kuti karenti ikatha isanamalize kuwerenga, ibwerere poyambira. Zili ngati mlandu wa m'mudzi: umayamba kwa nyakwawa, ndipo gulupu amaumva ndithu, koma amalowererapo pokhapokha nyakwawa akalephera. Pa esiteti panu awiriwa akuweruza nthawi imodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone ndi maso anu. Thiransifoma ya 5 MVA ikadzaza imatulutsa 262 A kumbali ya 11 kV. Impidansi yake simunalembe, koma ili pa chikwangwani cha thiransifomayo. Ine nditenga 7% monga chitsanzo. Tikagawa 262 ndi 0.07 tipeza pafupifupi 3750 A, ndipo iyi ndi karenti ya shoti imene ikanatheka kukanakhala kuti kumbuyo kwa thiransifoma kulibe chotchinga chilichonse. Koma magetsi athu ambiri amachokera kutali, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo asanafike kwanu amadutsanso m'malaini aatali a 33 kV. Zonsezi zimachepetsa karenti ya shoti. Nambala yeniyeni ya pamalo panu mufunse kwa ainjiniya a ESCOM. Pano tigwiritsa ntchito 3000 A.

Kevu ya SI, imene imafupikitsa nthawi ya rile pamene karenti ikukula, imatsata lamulo ili la IEC:

```
t = TMS × 0.14 / ((I / Is)^0.02 − 1)
```

Apa t ndi nthawi imene rile imadikira, TMS ndi nambala yochulukitsira nthawiyo, I ndi karenti ya shoti, Is ndi karenti imene rile imayambira kuwerenga, imene pa sikirini yanu ndi I>. Kwa fida, 3000 A ndi 150 A kuchulukitsa ka 20. Lamuloli limapereka 2.27, ndipo tikachulukitsa ndi TMS 0.1 tipeza masekondi 0.23. Kwa inkama, 3000 A ndi 320 A kuchulukitsa pafupifupi ka 9.4, lamulo limapereka 3.06, nthawi yake ndi masekondi 0.31. Mpata wa pakati pa awiriwa ndi masekondi 0.08 basi.

Tsono pa 0.23 paja rile ya fida yangotumiza lamulo, karenti sinathe. Koyilo yotsegulira iyenera kukoka, zitsulo za mu buleka zipatukane, moto wa pakati pawo uzime. Buleka yamakono ili bwino imatenga masekondi 0.05 mpaka 0.08 pa zonsezi, ndipo yakale yamafuta imafika 0.1. Onkhetsani 0.23 ndi 0.08 mupeza 0.31, nthawi yomweyo imene inkama ikumaliza kuwerenga. N'chifukwa chake mwati "nthawi zambiri" osati "nthawi zonse". Tsiku lina fida imapambana ndi pang'ono pokha, tsiku lina ayi. Amene anaika manambalawa mwina ankaganiza kuti popeza 320 A ndi yaikulu kuposa 150 A ndiye kuti marile asiyana kale. Pa karenti yochepa amasiyanadi kwambiri, koma makevu awiriwa amayandikana pamene karenti ikukwera, ndipo pa shoti yaikulu amatsala pang'ono kukhudzana. Chifukwa cha ichi mpata timauyeza pa karenti yaikulu kwambiri imene ingadutse mu marile onse awiri, imene ndi ya shoti yochitika pongotuluka pa buleka ya fida.

Mpata woyenera uli ndi zinthu zinayi mkati mwake. Muli nthawi ya buleka ija. Muli kanthawi kamene rile ya kumtunda imapitirirabe karenti itatha kale. Marile akale a mbale yozungulira amapitirira pafupifupi masekondi 0.05 chifukwa mbaleyo siima pompopompo, amakono amapitirira pang'ono, 0.02 kapena 0.03. Muli kuphonya kwa marile ndi ma CT, chifukwa rile ya fida ikhoza kuchedwa pang'ono pamene ya inkama yafulumira pang'ono, zonse zili m'malire amene opanga amalola. Ndiye pali kena kongosiyapo podziteteza. Zikaphatikizidwa, pa marile a mbale timasiya masekondi 0.4, pa amakono 0.3. Ena amatsika mpaka 0.2 kapena 0.25, koma ine sinditsika pa 0.3 pokhapokha nditayeza ndekha nthawi ya buleka. Buleka ya pa esiteti imakhala miyezi osagwedezeka, m'fumbi la chilimwe, girizi atauma, ndipo ulendo woyamba kutsegula ndi umene imachedwa kwambiri.

Choncho inkama iyenera kutenga 0.23 kuphatikiza 0.3, ndiwo masekondi 0.53, pa 3000 A. Tikagawa 0.53 ndi 3.06 uja tipeza TMS ya 0.173. Nthawi zonse timakwezera m'mwamba, ndiye tiike 0.18. Inkama tsopano itenga masekondi 0.55, ndipo mpata ndi 0.32. Ngakhale karenti itafika 3750 A ija, fida itenga 0.21, inkama 0.50, mpata ukhala 0.29, womwe ndi wokwanira pa buleka yosamalidwa imene nthawi yake yayezedwa. Thiransifoma sivutika ndi kudikira kumeneku, chifukwa muyezo wa IEC 60076-5 umafuna kuti ipirire shoti kwa masekondi 2.

Koma musathamangire ku sabusiteshoni pano, chifukwa pali china m'kalata mwanu chimene chikundikayikitsa. Mwati ndi nthambi zogwera pa laini ya kudamu, ndipo ndikuganiza kuti damulo lili patali ndithu. Shoti ikachitikira kutali, waya umachepetsa karenti. Titenge 1000 A. Ndi manambala anu a panopa, fida itenga masekondi 0.36, inkama 0.61, mpata 0.25, ndipo inkama sikanayenera kutsegula. Ngati ikutsegulabe pa shoti zakutali, ndiye kuti wolakwa weniweni ndi gawo la shoti yopita pansi, limene simunanditumizire manambala ake. Pa sikirini limalembedwa IN>, Io> kapena 51N malinga ndi kampani yopanga rileyo.

Pa malaini a m'mwamba shoti zambiri ndi za waya umodzi kupita pansi: nthambi yonyowa ya bulugama, mbalame pa mtanda wa polo, kapu yosweka ndi mphezi. Gawo limeneli limaikidwa pa karenti yochepa kuti lizimva shoti zofooka, ndipo apa ndi pamene pamabisala vuto. Tiyerekeze kuti fida ili pa 40 A, inkama pa 80 A, zonse TMS 0.1 monga zinazo. Pa 1000 A fida ikuona ka 25, nthawi yake 0.21, inkama ikuona ka 12.5, nthawi yake 0.27. Mpata ndi 0.06, ndipo iyi ndi shoti ya kutali. Ya pafupi ndiye yoipa koposa. Marile ambiri satsata kevu mpaka kalekale. Karenti ikapitirira ka 20 kapena ka 30, malinga ndi mtundu wa rile, nthawi imaleka kutsika n'kukhala yomweyomweyo. Ngati nyutulo ya thiransifoma yanu yalumikizidwa pansi mwachindunji, shoti yopita pansi pafupi ndi basiba ikhoza kuposa ya mawaya atatu, ndipo m'chitsanzo chathu ifika cha m'ma 3200 A. Pamenepo fida ikuona ka 80, inkama ka 40, onse awiri ali pa malo athyathyathya a kevu, ndipo popeza TMS ndi imodzi, nthawi yawo ndi imodzi. Mpata palibiretu.

Kukonza kwake ndi njira yomwe ija. Ngati buku la rile yanu likuti kevu imaima pa ka 20, fida itenga 0.23, inkama ifunika 0.53, ndipo 0.53 kugawa ndi 2.27 kutipatsa TMS ya 0.24 tikakweza m'mwamba. Ngati imaima pa ka 30, TMS ya inkama ikhala cha pa 0.26. Yang'ananinso ngati pa waya wa nyutulo ya thiransifoma pali CT yake ndi rile yakeyake. Imeneyo ndi yodikirira pomaliza, ndipo nthawi yake iyenera kukhala pamwamba pa mafida onse. Ngati pa nyutulo pali rezisita yochepetsa karenti, mawerengero onsewa achitike pa karenti yolembedwa pa rezisitayo.

Marile anu amakono amasunga mbiri ya zochitika, ndipo mbiriyo idzakuuzani zoona msanga kuposa ine. Musanafufute ma alamu ulendo wotsatira, lembani gawo limene latsegula buleka pa rile iliyonse, karenti imene yalembedwa, ndi nthawi kuchokera pamene rile inayamba kuwerenga mpaka pamene inatumiza lamulo. Mawotchi a marile awiriwa akhoza kusiyana, choncho musadalire ola lolembedwa, dalirani kutalika kwa nthawi mkati mwa rile iliyonse. Mukapeza kuti onse atsegula, wina cha pa 0.2, wina cha pa 0.3, ndi mpikisano taufotokoza uja. Mukapeza kuti inkama yatsegula mu masekondi 0.03 kapena 0.04 ndipo gawo lolembedwa ndi I>> kapena 50, ndiye kuti wina anasiya gawo lotsegula pompopompo likugwira ntchito pa inkama. Gawo limenelo pa inkama silithandiza, chifukwa shoti ya pa basiba ndi shoti ya mamita ochepa kunja kwa buleka ya fida zili ndi karenti yofanana, ndipo palibe nambala imene ingazisiyanitse. Lizimitsidwe, kapena lipatsidwe nthawi yodikira yoposa ya fida ndi mpata uja.

Pali chachitatu chimene muyenera kuchiopa. Tsiku lina mudzapeza rile ya fida yalemba kuti yatumiza lamulo koma buleka yake ili chitsekere, kapena yatsegula mochedwa kwambiri. Pamenepo inkama yachita ntchito yake yeniyeni, ndipo kuiwonjezera nthawi n'kungopatsa moto mpata wonyeketsa kebulo. Yezani mabatire a sabusiteshoni pamene koyilo ikukoka, osati ali duu, chifukwa batire yotha imaonetsa mavoti abwino mpaka itasenza katundu. M'nyengo imene magetsi akuzimazima mabatire amenewa amatha msanga, ndipo kawirikawiri palibe amene amawakumbukira.

Onaninso chikwangwani cha CT ya fida. Ikakhala 5P10, ndiye kuti opanga akutsimikiza kulondola kwake mpaka ka 10 ka 200 A, ndiwo 2000 A, itasenza katundu wolembedwa pamenepo. Shoti yathu ya 3000 A ndi ka 15. CT ikapyola malire ake imakhuta, imapereka ku rile karenti yochepa kuposa yeniyeni, ndipo rile ya fida imachedwa. CT ya inkama ya 400/1 ikuona ka 7.5 kokha, ikugwira bwino, rile yake sichedwa. Mpata umene mwauwerengera pa pepala umachepa motero. Mwayi wake ndi woti rile yamakono ndi katundu wopepuka kwambiri, ndipo mawaya akakhala aafupi malire enieni a CT amakwera kupitirira 10 uja. Injiniya akhoza kuwerengera zimenezi akadziwa kukula kwa CT ndi kutalika kwa mawaya.

Tsopano nkhani imene imavuta pa ntchito yonseyi: mukakweza inkama, mwaikankhira kufupi ndi amene ali pamwamba pake. Kumbali ya 33 kV kuli rile kapena mafyuzi a thiransifoma yanu, ndipo kupitirira apo kuli chitetezo cha ESCOM pa laini imene mukugawana ndi anzanu ena. Shoti ya 3000 A pa 11 kV imaoneka ngati 1000 A pa 33 kV. Thiransifoma ya Dyn11 ilinso ndi khalidwe lake. Mawaya awiri akagundana kumbali ya 11 kV, karenti kumeneko imatsika kufika pa 87% ya shoti ya mawaya atatu, ndiwo 2600 A, koma kumbali ya 33 kV waya umodzi umanyamulabe 1000 A yathunthu. Inkama pa 2600 A itenga masekondi 0.59, pamene rile ya 33 kV sinachedwe ndi pang'ono pomwe. Kuti mpata ukhalepo, rile ya 33 kV iyenera kutenga masekondi osachepera 0.89 pa 1000 A. Anthu ambiri amaiwala apa, amayeza ndi shoti ya mawaya atatu yokha.

Nanga ngati ainjiniya a ESCOM anena kuti chitetezo chawo sichingakudikireni nthawi yaitali chotero? Ali ndi zifukwa zomveka, chifukwa nawonso ali ndi makwerero awo mpaka ku sabusiteshoni yaikulu. Maganizo anga ndi akuti pamalo pa thiransifoma imodzi ngati panu, mpata wa pakati pa inkama ndi rile yanu ya 33 kV ndi umene mungaupanikize poyamba. Iliyonse mwa ziwirizi ikatsegula, esiteti yonse yazima chimodzimodzi, ndipo chimene mwataya n'chizindikiro chokha chosonyeza kumene shoti inali. Mpata wa pakati pa fida ndi inkama musaugulitse, ndipo wa pakati pa inu ndi ESCOM si wanu.

Njira ina ndi kuyamba kufupikitsa kuchokera pansi. Fida ikhoza kutsika pa TMS 0.1 kufika 0.07, zimene zimabweretsa nthawi yake pa 0.16 ndi kulola inkama kutsika nayo. Koma fida nayo ili ndi ana ake: mafyuzi a mathiransifoma ang'onoang'ono a 11 kV/400 V a kumapampu ayenera kuduka iyo isanatsegule. Muthanso kuyatsa I>> pa mafida, kumene gawoli limathandizadi, kuti shoti zazikulu za pafupi zizichotsedwa mwamsanga. Liikidwe pamwamba pa karenti ya shoti ya kumbali ya 400 V ya thiransifoma yaikulu kwambiri pa fidayo, komanso pamwamba pa karenti imene mathiransifoma amakoka poyatsidwa, imene imafika ka 8 mpaka ka 12 ka karenti yawo kwa kanthawi kochepa. Zikatero mpata wa makevu umayezedwa pa karenti imene I>> imayambira, kumene makevu atalikirana kale. Ine ndimasiyabe mpata wathunthu pa kevu ngati malo alipo, chifukwa tsiku lina munthu adzazimitsa I>> ija atatopa nayo, osauza aliyense.

Popeza marile anu ndi amakono, palinso njira ya waya wotsekereza. Rile ya fida iliyonse ikangoyamba kuona shoti imatseka kontakiti, ndipo chizindikirocho chimapita ku rile ya inkama kukaletsa gawo lake lachangu. Gawolo limapatsidwa nthawi yochepa, cha pa masekondi 0.1, yongokwanira kuti chizindikiro chifike. Shoti ikakhala pa fida, chizindikiro chimabwera, inkama imadikira pa kevu yake. Ikakhala pa basiba, palibe fida imene yaiona, ndipo inkama imatsegula mu 0.1 m'malo mwa 0.55. Kwa munthu woima kutsogolo kwa panelo pamene moto wabuka mkati, kusiyana kumeneku n'kwakukulu zedi. Kumafuna mawaya ochepa ndi kuyesa mosamala, chifukwa waya umenewo ukaduka mwabwerera pa vuto muli naloli.

I> ya inkama ya 320 A ndaisiya dala. Ili pa 122% ya karenti ya thiransifoma, ndipo ndi pabwino. Musaikweze pofuna kugula mpata, chifukwa mukatero mukuchepetsa chitetezo cha thiransifoma ndiponso inkama ileka kuona shoti za kumapeto kwa laini tsiku limene buleka ya fida yakana. Kumbukiraninso kuti mafida ndi atatu. Inkama iyenera kukhala pamwamba pa fida yochedwa kwambiri mwa atatuwo, choncho mawerengero tachitawa muwabwereze pa ya kumashedi ndi ya kunyumba.

Ntchito yanu inuyo ndi kusonkhanitsa zinthu: zithunzi za zikwangwani za thiransifoma ndi ma CT, manambala onse a m'marile kuphatikizapo magawo ozimitsidwa, mbiri ya zochitika, kukula ndi kutalika kwa malaini, makulidwe a mafyuzi, ndi karenti ya shoti yaikulu ndi yaing'ono yochokera ku ESCOM pamodzi ndi manambala a chitetezo chawo. Kusintha kwenikweni kuchitike ndi injiniya wa chitetezo amene ajambule makevu onse pa pepala limodzi, ndipo chilichonse chokhudza mbali ya 33 kV chidutse kwa ESCOM. Akasintha, apope karenti yoyesera mu rile iliyonse pa malo osachepera atatu a kevu, mwachitsanzo ka 2, ka 5 ndi ka 10, ayeze nthawi, kenaka alole rile itseguledi buleka kuti nthawi ya bulekayo iyezedwenso. Inu muli pomwepo, musalole aliyense kumasula waya wa CT laini ili ndi karenti asanalumikize pamodzi materminolo a CT imeneyo ndi waya wina, chifukwa CT yotseguka imatulutsa mavoti okwana kupha munthu. Ndipo ngati musanafike pamenepo mwaona kuti rile ya gasi kapena ya kusiyana kwa karenti ya thiransifoma ndi imene yatsegula, kapena mwamva fungo la kupsa mu panelo, musatsekenso buleka, itanani injiniya tsiku lomwelo.